KUKANA NAKO KULI NDI MWAMBO WAKE

Makolo athu adati safunsa adadya phula. Mwambi umenewu tidaumva tili ana, ndipo timaubwereza kwa achimwene athu aang'ono. Koma sitimadzifunsa kawirikawiri za mbali inayo ya nkhaniyi: nanga wofunsidwayo, ngati sangathe kupereka chimene chapemphedwa, ayankhe bwanji kuti wofunsa uja asadye phula lomwelo?

Funso limeneli lakula masiku ano chifukwa cha makina oyankha mafunso a zaumoyo pa foni, amene ambiri amawatcha chatiboti. Munthu amalemba vuto lake pa WhatsApp kapena pa uthenga wamba, ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo, usana kapena usiku, popanda munthu wina wokhala kumbali inayo. Anthu amene amakonza makinawa amawalembera malamulo. Ena mwa malamulowa amanena zimene makinawo ayenera kukana: asanene kuti munthu akudwala matenda akutiakuti, asalembere munthu mankhwala, asaphunzitse munthu njira yodzivulazira. Ine sinditsutsa kuti malamulo otere akhalepo. Chimene ndikunena m'nkhani ino n'chakuti lamulo lokana liyenera kukana chinthu chimodzi chokha, chodziwika bwino, ndipo likatero liyenera kumusiya munthuyo akudziwa chochita mu ola lotsatira. Lamulo limene limangoti "pitani kuchipatala" kenaka n'kukhala chete limateteza wolemba lamuloyo, koma wodwala limamusiya pomwe adali.

MANTHA A OKONZA MAKINA

Tiyambe ndi kuwamvetsa amene amalemba malamulo ouma. Mantha awo ali ndi maziko. M'chaka cha 2023, bungwe lina la ku America lotchedwa NEDA, limene limathandiza anthu odwala matenda a kusadya bwino, lidachotsa chatiboti yake yotchedwa Tessa. Chifukwa chake chidali chakuti idapezeka ikulangiza anthu za kuchepetsa chakudya ndi kuchepetsa thupi, pamene anthuwo matenda awo adali omwewo odzimana chakudya. Wokonza makina aliyense akamva nkhani yotere amanjenjemera, ndipo njira yachidule imene amaiona ndi yolamula makina ake kuti azikana chilichonse chokhudza mankhwala, imfa kapena za m'nyumba.

Koma kuno kwathu tili ndi chitsanzo chosonyeza njira ina. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba m'boma la Balaka m'chaka cha 2011, mothandizana pakati pa bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba chinkathandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, kenaka chidafalikira dziko lonse m'chaka cha 2018 n'kuyamba kulandira mafunso a zaumoyo a mtundu uliwonse. Amene amayankha kumeneko ndi anthu ophunzitsidwa zachipatala, osati makina. Komabe nawonso adapatsidwa malire: ntchito yawo ndi kupereka uphungu ndi kutumiza munthu kuchipatala, osati kumuyeza pa foni kapena kumulembera mankhwala. Ndiye kuti nawonso amakana. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wophunzitsidwa asanakane amayamba wafunsa, amamvetsera zizindikiro zoopsa, ndipo amamuuza woimbayo ngati ayenera kunyamuka pompano kapena angathe kudikira kuti kuche. Luso limeneli ndi limene liyenera kulembedwa m'malamulo a chatiboti, chifukwa makina sangalitole okha pamsewu.

MWANA WATENTHA THUPI USIKU

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Mayi wina wa m'mudzi wa m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi ali ndi mwana wa zaka ziwiri amene watentha thupi kuyambira madzulo. Nthawi ndi 10 koloko usiku. M'kachitini muli mapiritsi atatu a LA amene adatsala mwana wamkulu atadwala. Mayiyo alemba kuti: "Mwana wanga ali ndi malungo, ndili ndi LA wotsala, ndimupatse angati?"

Lamulo louma limabala yankho ngati ili: "Sitingapereke malangizo a mankhwala. Kaonaneni ndi dokotala." M'mawu amenewa mulibe bodza. Koma taonani chimene chitsatire. Dokotala ali kutali, mtsinje wadzaza, wa kabaza wagona. Mayiyo sadauzidwe chifukwa chimene wakanizidwira, ndiye aganiza kuti makinawo ndi opanda pake. Sadafunsidwe ngati mwanayo akuyamwa kapena akusanza. Adzatsegula kachitini kaja n'kumupatsa mwana piritsi limodzi, mwina awiri, ndipo mawa thupi likazizirako sadzapitanso kuchipatala. Kukana kuja kwabala chinthu chomwecho chimene kumafuna kuletsa.

Tsono wolemba lamulo ayenera kudziwa bwino chimene akukana ndi chifukwa chake. Mankhwala a LA adakhala mankhwala oyamba a malungo m'Malawi m'chaka cha 2007, kulowa m'malo mwa fansida. Amaperekedwa motsatira kulemera kwa munthu, osati zaka zake: mwana wolemera makilogalamu kuyambira 5 koma osafika 15 amamwa piritsi limodzi pa nthawi, ndipo nambala imakwera mpaka mapiritsi anayi kwa wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Zimenezi si chinsinsi, ndipo palibe chifukwa choti makina azibise ngati za kudambwe. Vuto la mayi wathu lili pena. Poyamba, mapiritsi atatu sakwana mlingo wa kasanu ndi kamodzi, ndipo mankhwala osamaliza amangogonetsa matenda kuti adzadzukenso. Kachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, palibe amene wayeza magazi a mwanayo. Pa Chichewa chathu mawu oti malungo timawagwiritsa ntchito pa kutentha thupi kulikonse. Koma thupi limatenthanso ndi chibayo, ndi matenda a m'khutu, ndi matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake zipatala zathu zimayamba zabaya chala ndi kuyeza magazi pa kachida kaja kamene kamaonetsa zotsatira m'mphindi zochepa. Mwana wa chibayo akapatsidwa LA, chibayocho chimapeza masiku owonjezera oti chikule.

Choncho chimene chiyenera kukanidwa ndi chimodzi: kutchula nambala ya mapiritsi otsala oti apatsidwe mwana wosayezedwa. Zina zonse ndi zololedwa, ndipo zambiri mwa izo ndi zofunika kuposa nambalayo.

Ine ndikadapatsidwa cholembera, lamulolo ndikadalikonza kuti yankho liziyenda masitepe anayi, motsatana.

Sitepe yoyamba ndi kufunsa za zizindikiro zoopsa, kukana kusanabwere. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amaphunzitsidwa zinayi zimene amayang'ana pa mwana aliyense wosafika zaka zisanu: ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, ngati akusanza chilichonse, ngati wakomoka kapena kuchita njirinjiri, ndiponso ngati walefuka kwambiri moti sakudzuka bwino. Chimodzi chokha mwa izi chikakhalapo, nkhani ya mapiritsi yatha. Mwanayo anyamulidwe usiku womwewo. Khanda losafika miyezi iwiri likatentha thupi nalonso silidikira m'mawa, ngakhale zizindikiro zinazo palibe.

Sitepe yachiwiri ndi kukana, m'chiganizo chimodzi, pamodzi ndi chifukwa chake. Munthu wamkulu akauzidwa chifukwa amatha kuchisunga ndi kuchigwiritsa ntchito tsiku lina foni itathera moto.

Sitepe yachitatu ndi kupereka zimene zingachitike m'nyumba momwemo popanda ngozi: kupitiriza kuyamwitsa kapena kumwetsa madzi pafupipafupi, kumuvula mwana zovala zokhuthala, kusamupatsa asipirini, ndi kumuyang'anira usiku wonse.

Sitepe yachinayi ndi kutchula khomo loti apiteko ndi nthawi yake.

Mawu ake, monga ndikadawalembera ine kuti makinawo aziwatsatira, akadakhala otere: "Mwachita bwino kufunsa. Choyamba tandiuzani: kodi mwanayo akumwa kapena kuyamwa? Akusanza chilichonse? Wakomokapo? Akudzuka mukamudzutsa? Ngati pali vuto pa chimodzi mwa izi, dzutsani abale ndipo munyamuke tsopano. Za LA wotsalayo, nambala sindikuuzani, chifukwa mwanayo sadayezedwe magazi ndipo mapiritsi otsala sangamalize matenda. Mumwetseni pafupipafupi, musamufunditse zambiri, musamupatse asipirini. Kukangocha pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala, mutatenga buku lake la kusikelo ndi mapiritsiwo kuti akawaone."

Taonani kuti kukana kwatenga chiganizo chimodzi chokha. Zotsalazo ndi thandizo.

KHOMO LIKHALE LENILENI

Mawu oti "kaonaneni ndi dokotala" adalembedwera anthu a m'mizinda ikuluikulu. Kwa mayi wa m'mapiri, khomo loyamba nthawi zambiri ndi kiliniki ya m'mudzi, kumene mlangizi wa zaumoyo amaona ana a miyezi iwiri mpaka osafika zaka zisanu amene ali ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, ndipo amatumiza kuchipatala amene ali ndi zizindikiro zoopsa. Chatiboti yosadziwa za alangizi amenewa imatumiza munthu ulendo wautali pamene thandizo lili kuseri kwa phiri.

Tsono lamulo liuze makina kuti afunse dera limene munthu ali, popanda kufunsa dzina lake, ndipo akhale ndi mndandanda wa zipatala umene anthu adauona kuti ndi wolondola. Amene ali kufupi ndi msewu wa M1 adzayang'ana ku Mtengowanthenga, ku Mponela kapena ku Madisi. Amene ali chakum'mawa, kunjira ya ku Salima, adzayang'ana ku Mvera. Ena ali pafupi ndi chipatala cha boma pa Dowa kapena cha pa Ntchisi. Ndi bwinonso kunena poyera kuti zipatala za boma sizilipiritsa, pamene za mishoni zimalipiritsa pa zinthu zambiri, ngakhale kuti zina zimakhala ndi mgwirizano ndi boma pa chithandizo cha amayi ndi ana. Munthu amene alibe ndalama m'thumba ayenera kudziwa zimenezi asananyamuke, osati atafika pazenera lolipirira. Ndipo nambala iliyonse ya foni imene makinawo amapereka, wina aziiimba nthawi ndi nthawi kuti aone ngati ikuyankhidwa. Kutumiza munthu ku nambala yakufa ndi kukana kachiwiri, ndipo kumapweteka kuposa koyamba kuja.

M'boma lathu muli msasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwira anthu othawa kwawo m'chaka cha 1994. Ambiri kumeneko amalankhula Chiswahili, Chifalansa, Chirundi kapena Chinyarwanda. Munthu akalemba m'chinenero chake n'kukanizidwa m'Chingerezi, ndiye kuti sadauzidwe kanthu. Lamulo linene kuti kukana ndi kulozera khomo kuzibwera m'chinenero chimene munthuyo walembera, ndipo ngati makinawo sachidziwa bwino, pakhale mawu ochepa a zadzidzidzi amene adamasuliridwa kale ndi anthu.

MALIRE AKE ALI PATI?

Wina angatsutse kuti: nanga si mwanena nokha kuti mlingo wa LA si chinsinsi? Bwanji osangomuuza mayiyo, poti adzamupatsabe mwana mankhwalawo? Funsoli ndi labwino, ndipo limatithandiza kuona pamene mzere uyenera kudutsa.

Tisinthe chitsanzo chija pang'ono. Mayi yemweyo adapita kuchipatala m'mawa, mwana adayezedwa, adapezeka ndi malungo, adapimidwa pa sikelo ndipo adapatsidwa paketi yonse ya LA. Usiku mayiyo wasokonezeka, ndipo alemba kufunsa kuti ulendo wachiwiri amupatse nthawi yanji. Apa kukana kungakhale kulakwa koonekeratu. Woyeza wayeza kale, wolemba mankhwala walemba kale. Chimene chatsala ndi kukumbutsa: ulendo wachiwiri umabwera patapita maola asanu ndi atatu kuchokera pa woyamba, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo, mwana amwe atadya kapena atayamwa, ndipo amalize paketi yonse ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Mawu a funso loyamba ndi a funso lachiwiri akufanana kwambiri. Onse ali ndi "mwana", "LA" ndi "ndimupatse". Lamulo limene limangoyang'ana mawu lidzakana onse awiri kapena kulola onse awiri. Lamulo labwino limayang'ana ngati pali munthu wachipatala amene waona kale wodwalayo, ndipo ngati sizikudziwika, limalamula makina kufunsa.

Nanga mayi woyamba uja akaumirira? Akalemba kuti mtsinje wadzaza, alibe ndalama ya kabaza, ndipo akupempha chonde? Apa ndi pamene ena amasokoneza chifundo ndi kugonja. Makina ambiri a masiku ano adapangidwa mwa njira yoti amakonda kuvomereza zimene munthu akufuna, ndipo akapemphedwa katatu amatha kusiya zimene adanena poyamba. Lamulo liyenera kuneneratu kuti yankho pa nambala ya mapiritsi lisasinthe chifukwa cha kuchonderera. Koma liyeneranso kuletsa kubwereza mawu omwewo ngati wailesi yowonongeka. Ulendo wachiwiri makinawo avomereze kuti vuto la mtsinje ndi lenileni, ndipo athandize kuganiza za ulendowo: kodi mlangizi wa zaumoyo amakhala tsidya lino? Kodi pali wachibale kapena woyandikana naye amene ali ndi njinga? Kodi mfumu ingadzutsidwe? Kenaka akumbutsenso zizindikiro zinayi zija, kuti mayiyo adziwe nthawi imene kudikira kwakhala koopsa kuposa mtsinje.

PAMENE KUKANA KUYENERA KULIMBA

Pali mafunso ena amene kukana kwake sikuyenera kukhala ndi mpata ngakhale pang'ono. Kwathu kuno ndi dera la fodya ndi chimanga, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mankhwala a mbewu, a m'nkhokwe kapena a makoswe. Tiyerekeze kuti mnyamata wina, fodya wake atagulidwa motchipa ndipo ngongole ikumudikira, walemba kufunsa kuti mankhwala otere munthu angamwe ochuluka bwanji kuti asadzukenso.

Palibe nambala, palibe dzina la mankhwala, palibe kufananitsa kuti awa ndi amphamvu kuposa awo kumene kuyenera kutuluka. Pamenepa tonse tigwirizana. Koma yankho loti "funsoli ndi loletsedwa" limamuuza mnyamatayo kuti ngakhale makina amuthawa. Akatswiri a matenda a maganizo amaphunzitsa kuti kumufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Kawirikawiri kumamupatsa mpata wolankhula. Tsono lamulo liuze makina kuti akane nambalayo m'mawu ochepa, kenaka afunse funso limenelo poyera ndi mwaulemu. Afunse ngati wamwa kale chinachake. Amupemphe kuti mankhwalawo awapereke kwa munthu wina asunge, ndiponso kuti asagone yekha usiku umenewo koma adzutse munthu mmodzi amene amamukhulupirira. Asamulalikire, asamuopseze, asamuuze kuti ena ali ndi mavuto oposa ake.

Ndipo ngati yankho ndi lakuti wamwa kale, kapena ngati wolembayo ndi mlongo wake amene wamupeza atamwa, apa palibenso chokana. Pafunika malangizo achidule ndi omveka: musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta, mugonekeni chammbali ngati walefuka, tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, thamangani naye kuchipatala. Lamulo limene limatseka pakamwa pa makina likangoona mawu oti "mankhwala a makoswe" lidzamutaya mlongo ameneyu pa mphindi imene amafunitsitsa yankho.

Ndionjezere kuti kufatsa kwa yankho sikuli m'mawu okometsera. Makina asanamizire kuti ndi namwino, ndipo asalembe ndime yonse yofotokoza mmene mtima wawo wasweka, chifukwa mtima alibe, ndipo wowerengayo ali ndi bandulo yochepa ndi foni yotsala pang'ono kuzima. Ulemu wake ukhale uja tidauphunzira kwathu: kumutchula munthu kuti "inu", kusamudzudzula chifukwa chosunga mapiritsi kapena chifukwa chochedwa, ndi kuika chinthu chofunika kwambiri pa mzere woyamba.

TINGADZIWE BWANJI KUTI LAMULO NDI LABWINO?

Lamulo silidziwika ubwino wake poliwerenga pa pepala. Liyenera kuyesedwa makinawo asanaperekedwe kwa anthu, ndipo njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Asonkhane anamwino, alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'midzi, ndipo alembe mafunso ochuluka m'Chichewa chenicheni cha pa foni, cholembedwa mofulumira, chosakaniza ndi Chingerezi, chodzaza ndi mawu ozungulira. Munthu salemba kuti mwana wataya madzi m'thupi; amalemba kuti liwombo lalowa. Mtsikana salemba dzina la zimene zamuchitikira. Amalemba kuti amalume adamugwira. Pa funso lililonse, anthuwo agwirizane pasadakhale kuti yankho loyenera ndi lotani. Akatero mafunsowo aperekedwe ku makina, ndipo zolakwa ziwerengedwe m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la mafunso amene makina adayankha pamene adayenera kukana. Limeneli aliyense amaliwerenga, chifukwa ndi limene limafika m'nyuzipepala. Gulu lachiwiri ndi la mafunso amene makina adakana pamene adayenera kuyankha, ndipo limeneli silionekera, chifukwa munthu wokanizidwa sadandaula, amangotseka foni. Chitsanzo chake ndi mtsikana uja. Lamulo la manyazi limene limakana nkhani zonse za kugonana lidzamubisira mfundo imodzi imene ili ndi nthawi yowerengeka: munthu wogwiriridwa akafika kuchipatala pasanathe maola 72 angathe kulandira mankhwala omuteteza ku kachirombo ka HIV, ndipo akafulumira ndi pamene amagwira bwino ntchito. Ngati ali mwana, palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Kukana pamenepa kumadya maola amene sadzabwereranso.

Pa yankho lililonse lokana, oyesawo adzifunse mafunso atatu. Kodi munthuyu wauzidwa chifukwa? Kodi wapatsidwa kanthu koti achite tsopano lino? Kodi akudziwa koti apite ndi nthawi yake? Limodzi likasowa, lamulolo libwerere kwa olemba. Ndipo makinawo akayamba kugwira ntchito, pali chizindikiro china choyenera kuchiyang'anira popanda kuulula mayina a anthu: ndi angati amene amasiya kulemba atangokanizidwa? Akachuluka pa funso la mtundu umodzi, ndiye kuti pamenepo pali chitseko chimene chikutsekedwa mwamphamvu kwambiri. Pomaliza, pakhale njira yoti mafunso oopsa azifika kwa munthu weniweni, namwino kapena mlangizi, ndipo makina anene zoona za nthawi imene munthuyo angayankhe. Kulonjeza kuti wina aimba posachedwa pamene ofesi imatsegulidwa Lolemba ndi bodza limene lingamugoneke mayi pamene adayenera kunyamuka.

Abale anga, ena mwa ife tidzakhala pa mipando imene malamulo otere amalembedwa, ndipo ambiri tidzakhala ndi abale amene adzawagwiritsa ntchito. Pempho langa kwa olemba ndi lakuti asayambe ndi mndandanda wa mawu oletsedwa. Ayambe ndi munthu mmodzi, usiku umodzi ndi mtunda weniweni wa kuchipatala, n'kudzifunsa kuti munthuyu akawerenga yankholi adzachita chiyani. Ngati adzatsegula kachitini ka mapiritsi otsala, lamulolo lalephera ngakhale lidakana. Ngati adzadzutsa mnansi n'kubereka mwana, kapena adzamumwetsa madzi n'kudikira m'bandakucha akudziwa zoti aziyang'ana, ndiye kuti lamulolo lagwira ntchito yake.